Mbendera ya pa baji ilibe mlongoti

Ndili ndi kabokosi kachitsulo komwe ndimasungiramo mabaji a mbendera za mayiko. Ena ndi achitsulo okhala ndi pini kumbuyo, ena ndi ansalu osokerera pa malaya, ndipo palinso masitika omwe ndimamatula pa maphukusi akandipeza. Baji iliyonse ndimaibaya pa kakhadi n'kulemba dzina la dziko pansi pake. Kwa nthawi yaitali ndithu, kakhadi kamodzi kanali ndi dzina lolakwika ine osadziwa. Inali baji yozungulira, theka lofiira theka loyera, ndipo ndinalembapo kuti Indonesia. Tsiku lina mnzanga wina anaitenga, n'kuitembenuza kuti aone kumbuyo, kenaka anaizunguliza pang'ono n'kundifunsa kuti, "Kodi achimwene, zilembo izi mumaziwerenga chozondoka?" Kumbuyoko kunali timalemba ta kampani yomwe inapanga bajiyo. Timalembato titaima bwino, mtundu woyera unapita pamwamba, wofiira pansi. Inali Poland.

Sikuti mbendera ziwirizi sindinkazidziwa. Mukanandifunsa usiku ndili m'tulo ndikanakuyankhani kuti ya Indonesia kufiira kuli pamwamba, ya Poland kuyera kuli pamwamba. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti baji yozungulira yokhala ndi pini imodzi pakati ilibe pamwamba kapena pansi. Imatembenuka mmene yafunira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira kwambiri zomwe mabuku a mbendera amaphunzitsa. Zomwe amanena n'zoona, koma amanena za mbendera yeniyeni yansalu, yosokedwa motsatira lamulo la dziko lake, yokwezedwa pa mlongoti. Mbendera yoteroyo imakuuzani yokha mbali yoyambira kuwerenga mitundu, chifukwa mumayambira ku mlongoti. Imakhala ndi muyeso wake weniweni wa m'litali ndi m'lifupi. Mtundu wake ndi womwe boma linasankha. Baji ndi sitika zimataya zitatu zonsezi. Mlongoti palibe, muyeso ndi wa chikombole cha wopanga, ndipo mtundu ndi wa inki kapena ulusi womwe unalipo tsiku limenelo. Choncho munthu amene akufuna kutchula dziko poyang'ana kabaji ayenera kuyamba wadzifunsa kuti mwa zinthu zosiyanitsa mbendera, ndi ziti zomwe zatsala pa kanthu kali m'manjaka.

Ndiyambe ndi nkhani ya mbali, popeza ndi imene inandigwetsa ine.

Mbendera ya Ireland ili ndi mizere itatu yoimirira: wobiriwira ku mlongoti, woyera pakati, wa olenji kumapeto. Ya Côte d'Ivoire ili ndi mitundu yomweyo koma imayamba ndi olenji n'kuthera pa wobiriwira. Tengani sitika ya Ireland, muizondotse mutu pansi, yasanduka Côte d'Ivoire popanda chilichonse chokuchenjezani, chifukwa mizere yoimirira imaoneka chimodzimodzi kumwamba ndi kumunsi. Zimenezi zinachitikapo poyera m'chaka cha 2018 pa mpikisano wa dziko lonse wa masewero othamanga a m'nyumba ku Birmingham. Murielle Ahouré wa ku Côte d'Ivoire atapambana pa liwiro la mamita 60, mbendera ya kwawo panalibe pafupi, ndiye anabwereka ya Ireland kwa munthu wina woonerera, n'kuigwira motembenuza, zithunzi n'kujambulidwa bwinobwino. Mali ndi Guinea nazonso n'chimodzimodzi. Mali imayamba ndi wobiriwira, wachikasu, wofiira, pomwe Guinea imayamba ndi wofiira n'kuthera pa wobiriwira.

Sitika ikakhala yozungulira kapena yofanana mbali zonse zinayi, vuto limakula, chifukwa tsopano ikhoza kupendekeka chammbali, mizere yoimirira n'kusanduka yogona. Ya France ikagonekedwa kuti kufiira kupite pamwamba imakhala ya Netherlands. Ya Italy ikagonekedwa choncho imakhala ya Hungary. Munthu womata masitika pa maphukusi mazana patsiku sayang'ana zimenezi, amangomata pomwe dzanja lafika.

Ndiye musanatchule mtundu ngakhale umodzi, pezani kaye pamwamba. Pa baji yachitsulo yang'anani kumbuyo ngati pali zilembo kapena manambala. Ngati pini yake ndi yaitali yokolowekera, nthawi zambiri imagona chopingasa ndipo imakhala chakumtunda pang'ono kuti baji isamagwere kutsogolo. Pa sitika, mawu aliwonse osindikizidwa pa pepala lomwelo ndi amene akuuzeni. Musadalire mawu a pa katoni kapena pa pepala lina la pafupi, chifukwa zimenezo zinamatidwa padera.

Pali msampha wina womwe suchokera pa kulakwitsa kwa munthu aliyense. Mabaji ena ansalu a pa mkono wamanja wa malaya amasokedwa motembenuza dala. Asilikali a ku America amavala mbendera yawo choncho ku dzanja lamanja, nyenyezi zili kutsogolo, kuti izioneka ngati ikuuluzika pamene munthuyo akuyenda chamtsogolo. Pa ndege zambiri, mbendera ya mbali ya kumanja imapentedwa motero. Kwa mbendera ya America palibe chosokoneza, aliyense amaizindikira ngakhale itatembenuka. Koma baji ya Ireland yosokedwa mwa njira imeneyo, mukaivula pa malaya n'kuiyala pa tebulo, muiwerenga kuti Côte d'Ivoire. Chimodzimodzinso sitika yomatidwa pa galasi mukaiyang'ana muli mbali inayo, komanso chithunzi chomwe munthu wadzijambula ndi kamera yakutsogolo ya foni, popeza mafoni ambiri amatembenuza chithunzi ngati kalilole. Wina akanditumizira chithunzi cha baji kuti ndimuuze dziko, ndimayamba ndafufuza chilembo chilichonse m'chithunzimo, kaya pa malaya kaya pa khoma, kuti ndione ngati chikuwerengeka bwino.

Tsopano nkhani ya muyeso. Apa ndi pomwe anthu okonda mabuku amandikhumudwitsa pang'ono, chifukwa amayankha msanga. Ukafunsa kusiyana kwa Indonesia ndi Monaco, zomwe zonse zili ndi kufiira pamwamba ndi kuyera pansi, amati ya Indonesia ndi 2:3 pomwe ya Monaco ndi 4:5, nkhani yatha. Tiyeni tiike manambalawa pa baji yeniyeni. Baji ikhale ya mamilimita 30 m'litali. Ikakhala ya Indonesia, m'lifupi iyenera kukhala mamilimita 20. Ikakhala ya Monaco, 24. Ya Poland, yomwe muyeso wake ndi 5:8, ingakhale pafupifupi 19. Ya Ireland, yomwe ndi 1:2, ingakhale 15, pomwe ya Côte d'Ivoire ingakhale 20. Kusiyana kwa mamilimita 4 kapena 5 kumaoneka ndithu ukaika lula, ndipo ukanakhala umboni wabwino opanga mabaji akanamatsatira malamulo a mayiko.

Koma satsatira. Kampani yopanga mabaji a mayiko onse imakhala ndi chikombole chimodzi, ndipo mbendera iliyonse imakakamizidwa kulowa mmenemo. M'kabokosi kanga muli mabaji a kampani imodzi omwe Switzerland, yomwe mbendera yake ndi yofanana mbali zonse zinayi, inatambasulidwa kuti ifanane ndi zinzake. Qatar, yomwe mbendera yake ndi yaitali kwambiri, 11:28, anaifinya. Ndiye lamulo langa pa muyeso ndi ili: umandithandiza ukakhala wachilendo, koma ukakhala wamba sundiuza kanthu. Baji yofiira ndi yoyera ikakhala ya 4:5, wopangayo anachita dala, ndipo ndikhoza kunena kuti Monaco ndi mtima wokhazikika. Ikakhala ya 2:3, ikhoza kukhala Indonesia yolondola kapena Monaco yofinyidwa, ndipo lula sangandiuze kuti ndi iti.

Mtundu ndiwo wosadalirika kuposa zonse. Luxembourg ndi Netherlands zonse ndi kufiira, kuyera, buluu, kuchokera pamwamba, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti buluu wa Luxembourg ndi wowala ngati thambo pomwe wa Netherlands ndi woderako. Zikayandikana zili zatsopano, ngakhale mwana akhoza kuzisiyanitsa. Koma sitika yomwe yayenda ulendo wautali, yapsa ndi dzuwa, yanyowa n'kuumanso, imasuluka. Buluu wodera amayera. Kufiira kumayamba kupita ku olenji, ndipo sitika ya Italy yosuluka imaoneka ngati ya Ireland. Palinso mapulinta omwe amasindikiza mapepala omata pa maphukusi pogwiritsa ntchito kutentha, opanda inki yamitundu. Amenewo amatulutsa mbendera yotuwa yokhayokha, kufiira ndi buluu zonse n'kukhala madontho akuda, moti palibe chomwe mungatolepo.

Njira yomwe ndimayesera kuona ngati sitika yasuluka ndi kuyang'ana mitundu yonse pamodzi. Buluu akakhala wowala koma kufiira kudakali kwamphamvu, pepala loyera likadali mbee, ndiye kuti buluuyo anasindikizidwa wowala dala, ndipo ndimatsamira ku Luxembourg. Zonse zikakhala zofooka, pepala litayamba chikasu, mtundu ndimauchotsa pa umboni.

Chomwe chimatsala bwino pa baji ndi chizindikiro cha pakati kapena pakona: nyenyezi, chishango, mwezi, chisoti chachifumu. Mayiko ena anachiika dala chifukwa cha vuto lomweli. Pa masewero a Olimpiki a ku Berlin mu 1936, Haiti ndi Liechtenstein anazindikira kuti mbendera zawo zinali zofanana, buluu pamwamba kufiira pansi, ndipo chaka chotsatira Liechtenstein inawonjezera chisoti chachifumu chagolide pakona. Senegal imasiyana ndi Mali chifukwa cha nyenyezi yobiriwira pa mzere wachikasu. Singapore imasiyana ndi Indonesia chifukwa cha mwezi ndi nyenyezi zisanu. Australia ndi New Zealand zimasokoneza anthu ambiri, koma pa baji n'zosavuta: ya New Zealand ili ndi nyenyezi zinayi zofiira za m'mphepete moyera, ya Australia ili ndi nyenyezi 6 zoyera, ndipo yaikulu kwambiri ili yokha pansi pa kambendera ka Britain. Ngakhale baji itachepa bwanji moti simungawerenge nyenyezi, ingoyang'anani pansi pa kambendera ka pakonako. Pakakhala dontho loyera ndi Australia, pakakhala buluu yekha ndi New Zealand.

Komabe chizindikiro chili ngati muyeso uja. Chikakhalapo ndi umboni, chikasowa si umboni wokwanira. Pa baji ya mamilimita 15, wopeta ulusi sangathe kutulutsa chishango cha Ecuador chokhala ndi mbalame, phiri ndi sitima. Ena amangoika kadontho kabulauni, ena amachisiya, ndipo Ecuador yopanda chishango ndi Colombia: theka lapamwamba lachikasu, kenaka buluu, kenaka kufiira. Choncho ndikaona kadontho kosadziwika bwino pakati pa baji sindikachotsa ndi chikhadabo poganiza kuti ndi litsiro. Ndinachitapo zimenezo kamodzi, ndipo sindinena zambiri.

Zonse ndafotokozazi ndinazigwiritsa ntchito tsiku limodzi pa phukusi limodzi, ndipo ndi limene linandiphunzitsa malire ake.

Linali phukusi laling'ono lomwe mnzanga wina wosunga mabaji anandigawira. Iye analigula kwa munthu wakunja ndipo sankakumbuka bwino kuti linachokera kuti. Pakona pake panali sitika ya mizere itatu yoimirira: buluu, chikasu, kufiira. M'kati munali mabaji angapo, ndipo awiri mwa iwo anali a mitundu yomweyo.

Mbali sinandivute. Sitikayo ikanazondoka ikanayamba ndi kufiira n'kuthera pa buluu, ndipo palibe dziko lomwe mbendera yake ya mizere yoimirira imatero. Ndiye buluu ndiye wa ku mlongoti. Mayiko a mitundu imeneyi m'ndondomeko imeneyi alipo anayi: Romania, Chad, Moldova ndi Andorra. Moldova ili ndi chiwombankhanga pa mzere wachikasu. Andorra ili ndi chishango, ndipo mzere wake wachikasu ndi wokulirapo pang'ono kuposa inayo. Sitika yanga inali yaikulu mokwanira kuti wosindikiza akanafuna kuika chiwombankhanga akanatha, koma pachikasupo panali pambalambanda. Ndinatsala ndi Romania ndi Chad.

Apa ndi pamene mabuku amathera. Mbendera ziwirizi ndi mapasa enieni. Zonse ndi 2:3, mizere yofanana kukula, popanda chizindikiro. Chad inasankha yake mu 1959, kutatsala chaka chimodzi kuti ilandire ufulu kuchoka m'manja mwa France. Panthawiyo panalibe mkangano, chifukwa mbendera ya Romania, ngakhale mitundu yake ndi yakale kwambiri, inali ndi chizindikiro cha boma la chikomyunizimu pakati. Mu Disembala 1989, anthu ataukira boma la Nicolae Ceaușescu, ankadula chizindikirocho n'kumayenda ndi mbendera zobooka pakati, ndipo boma latsopano linabwezeretsa mizere itatu yopanda kanthu. Kuyambira pamenepo mayiko awiriwa akhala ndi mbendera imodzi. Kusiyana komwe kumatchulidwa n'kwakuti buluu wa Chad ndi woderako kuposa wa Romania. Ndinaika sitikayo pambali pa zithunzi ziwiri za pa foni, n'kuyang'ana mpaka maso kuwawa. Ndikaipendeketsa ku windo imakhala Romania, ndikaibweza mumthunzi imakhala Chad. Ndipo foniyo nayo inali ndi buluu wakewake, wosintha ndikangowonjezera kuwala.

Ndinasiya mbendera n'kuyamba kuwerenga phukusi. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kunena zoona yankho linali pompo kuyambira pachiyambi, ine ndiye ndinkathamangira mitundu.

Katundu wodutsa malire kudzera ku positi, ngati ndi wotheka kumulondola, amakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 13, motsatira dongosolo la bungwe la mapositi a dziko lonse la UPU. Imaoneka motere (ichi n'chitsanzo chabe):

```
RR123456785RO
```

Zilembo ziwiri zoyamba zimanena mtundu wa katumizidwe. Ikayamba ndi R ndi kalata kapena kaphukusi kolembetsa, ikayamba ndi C ndi phukusi wamba, ikayamba ndi E ndi zachangu za EMS. Pakati pali manambala 9, ndipo yomaliza mwa iwo ndi yotsimikizira kuti enawo alembedwa molondola. Zilembo ziwiri zakumapeto ndizo zofunika kwa ife, chifukwa zimaimira dziko la positi yomwe inapereka nambalayo. Romania ndi RO, Chad ndi TD, kuchokera ku kalembedwe ka Chifalansa ka dzina lake, Tchad. Nambala ya pa phukusi langa inathera ndi RO. Pamwamba pa pepala lomwelo panalinso mawu oti Poșta Română, ndipo nambala ya foni ya wotumiza pa fomu ya kasitomu ya CN22 inayamba ndi +40. Ikanakhala ya ku Chad ikanayamba ndi +235. Maumboni atatu, onse akuloza kumodzi. Sitika ya pakona ndinailemba kuti Romania.

Zilembo ziwirizi ndi zabwino kuzidziwa pa mapasa ena aja. Indonesia ndi ID, Poland ndi PL, Ireland ndi IE, Côte d'Ivoire ndi CI, Mali ndi ML, Guinea ndi GN. Koma nazonso zili ndi mbuna zake. AU ndi Australia, osati Austria, yomwe ndi AT. SI ndi Slovenia pomwe SK ndi Slovakia, ndipo mbendera za mayiko awiri amenewa nazo n'zofanana, kuyera, buluu, kufiira, kusiyana chishango chokha. Mabaji a masewero amagwiritsa zilembo zitatu, ndipo pa Olimpiki Chad ndi CHA, Romania ndi ROU, Indonesia ndi INA. Makampani otumiza katundu omwe si a positi ali ndi manambala awoawo osatsatira dongosololi, choncho kumeneko muyenera kuwerenga adiresi ya wotumiza.

Chofunika kwambiri kukumbukira n'chakuti nambala imanena komwe phukusi linalowera m'positi, basi. Sinena komwe katundu anapangidwa. Ogulitsa ena amanyamula katundu wambiri kupita naye dziko lina n'kukamutumiza kuchokera kumeneko. Ndiponso mbendera ya pa phukusi si nthawi zonse imaimira komwe lachokera. Ena amamata ya dziko lomwe likupita, ena ya dziko lomwe linapanga katunduyo, ena amangosonyeza chilankhulo cha kabuku ka malangizo kali m'katimo. Ndiye funso loti mbendera iyi ndi ya dziko liti limayenda ndi linzake, loti wamata sitikayi ankafuna kunena chiyani. Pa phukusi langa zinagwirizana, chifukwa sitika inali pafupi ndi adiresi ya wotumiza ndipo zonse zinali za ku Romania.

Nditapeza zimenezo ndinatenga makhadi awiri kuti ndilembe Romania pa mabaji awiri a m'kati aja. Ndinali nditalemba kale chilembo choyamba pamene ndinakumbukira Poland yanga ija, n'kutembenuza baji kuti ndione kumbuyo.

Yoyamba inali yachitsulo, yooneka ngati kachishango, ndipo m'mphepete mwake munali timawu tating'ono tomwe ndinatiwerenga mothandizidwa ndi kamera ya foni: Unité, Travail, Progrès. Ndi Chifalansa, kutanthauza umodzi, ntchito, chitukuko, ndipo amenewa ndi mawu a pa chizindikiro cha boma la Chad. Baji ya Chad, m'phukusi lochokera ku Romania, pansi pa sitika ya mitundu yomweyo. Palibe chodabwitsa ukaganiza bwino. Munthu wosunga mabaji amasunga a mayiko onse, ndipo mwina wa ku Romania ndiye angakonde kwambiri kukhala ndi ya Chad, kuti azionetsa alendo. Ndikanatsatira phukusi ndikanalemba bodza lachiwiri m'kabokosi kanga, ndipo ili likanakhala lovuta kuligwira kuposa loyamba lija, popeza palibe mnzanga amene akanalizindikira pongozunguliza baji.

Pamenepa ndinaona kuti maumboni sali pa mlingo umodzi. Mawu olembedwa pa baji yeniyeniyo amaposa chilichonse. Pambuyo pake pamabwera chizindikiro cha pa mbendera, ngati chikuoneka bwino. Kenaka dongosolo la mitundu, mutatsimikiza kaye pamwamba ndi mbali. Zolembedwa pa phukusi zimathandiza pa sitika ya phukusilo, koma sizilowa m'kati. Muyeso ndi kudera kwa mtundu zili kumapeto kwenikweni, ngakhale kuti ndi zomwe anthu amayamba kutchula.

Pali njira ina yomwe ambirife timaigwiritsa ntchito mosazindikira, yongoganizira kuti ndi dziko liti lomwe n'lotheka kwambiri. Indonesia ili ndi anthu oposa 270 miliyoni ndipo imatumiza katundu padziko lonse, pomwe Monaco ili ndi anthu osakwana 40,000. Sitika yofiira ndi yoyera pa katoni ya katundu wa m'fakitale, mwachidziwikire ndi Indonesia. Kuganiza kotere si kolakwika, ndipo pa maphukusi kumalondola nthawi zambiri. Koma pa mabaji kumanyenga, chifukwa mabaji sapangidwa molingana ndi chiwerengero cha anthu. Monaco imalandira alendo ochuluka ogula zikumbutso, ili ndi mpikisano wotchuka wa magalimoto, ndipo mabaji ake ali ponseponse. Kampani yopanga mabaji a mayiko onse imapanga Chad imodzi pa Romania imodzi iliyonse. Ndikagwiritsa ntchito njira imeneyi ndimalemba ndi pensulo, ndipo ndimaika mawu oti "mwina" patsogolo pa dzina.

Baji yachiwiri inali yansalu, yopetedwa, ya mamilimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi, ndendende 2:3, zomwe sizithandiza chifukwa mayiko onse awiri ndi 2:3. Kumbuyo kunali guluu wouma womatira ndi simbi, popanda chilembo, popanda nambala, popanda dzina la wopanga. Buluu wake ndi wodera ndithu, ndipo mtima unkandiuza kuti Chad. Koma nditaiika pambali pa mabaji ena ansalu a m'phukusi lomwelo, ndinaona kuti ya France ndi ya Netherlands zinapetedwa ndi ulusi wa buluu womwewo. Wopetayo anali ndi buluu mmodzi yekha pa makina ake. Ndinapempha mnzanga uja kuti afunse wogulitsayo, ndipo yankho linabwera loti iyenso anaipeza m'thumba la mabaji osakaniza.

Kakhadi kake kali m'kabokosi, pakati pa Romania ya pa phukusi ndi Chad ya kachishango. Ndinalembapo ndi inki, osati pensulo: "Chad kapena Romania."